Njerewere za m'manja ndi kumapazi kwa ana: chifukwa chake zimachedwa kutha, ndi mankhwala oyenera kuyesa

Mwana akatuluka njerewere pachala, makolo ambiri amayamba aisiya poganiza kuti itha sabata yamawa. Pakapita miyezi itatu ikadali pomwepo, mwinanso yabereka zinzake ziwiri, mtima umayamba kuthamanga. Anzake kusukulu ndi kumadrasa ayamba kumuseka, iye akubisa dzanja m'thumba, ndipo m'nyumba mwapezeka kale wina amene akuti aidule ndi lezala. Nkhani ino ndi ya nthawi imeneyo. Njerewere si matenda oopsa, ndipo mwa ana ambiri zimatha zokha. Chimene chimavulaza ana kawirikawiri ndi njira zimene akuluakulu timagwiritsa ntchito tikatopa kudikira.

Chimene chimayambitsa njerewere

Njerewere zimabwera ndi kachilombo kotchedwa HPV. Kachilomboka kali ndi mitundu yoposa 100, ndipo mtundu uliwonse uli ndi malo ake amene umakonda pathupi. Mitundu imene imabweretsa njerewere m'manja ndi kumapazi, monga mtundu 1, 2, 27 ndi 57, ndi yosiyana ndi mtundu 16 ndi 18 imene imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Choncho mtsikana amene ali ndi njerewere pachala sali pangozi ya khansa imeneyi chifukwa cha njerewereyo. Komanso katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse la Malawi mu 2019, anapangidwira kuteteza ku khansayo. Ndi katemera wofunika, koma sachotsa njerewere zimene zatuluka kale m'manja.

Kachilomboka sikangathe kuboola khungu lalunga. Kamafuna khomo, ngakhale laling'ono losaoneka ndi maso: pamene mwana wakandika, pamene khungu lasupuka m'mbali mwa chikhadabo, kapena mng'alu wa kuchidendene. Khungu limene lakhala nthawi yaitali m'madzi limafewa ndipo limang'ambika msanga. N'chifukwa chake ana a kunyanja, amene amasewera m'madzi kenako n'kuthamanga pamiyala ndi pamchenga opanda nsapato, amakhala ndi makomo otere ambiri. Ngakhale kumayiko ena, anthu ogwira ntchito yotumbula nsomba ndi yodula nyama amadziwika kuti amatuluka njerewere kuposa anzawo. Sikuti nsomba ndiyo ili ndi kachilomboka, ayi, kachilomboka ndi ka anthu okhaokha. Manja onyowa tsiku lonse ndi kubayidwa ndi minga ya nsomba ndi zimene zimakatsegulira njira.

Kamafala pogwirana khungu ndi khungu, komanso kudzera pa zinthu zimene anthu ambiri amagwiritsa ntchito zili zonyowa, monga thaulo, mwala wokhulira mapazi, simenti ya m'bafa, ngakhalenso malo otsukirapo mapazi pamzikiti. Kakalowa, pamapita miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zina kuposerapo, njerewere isanaoneke. Ndiye musavutike kufufuza mwana wa mnzanu amene anampatsira wanu, chifukwa zinachitika kalekale ndipo palibe angadziwe tsiku lake.

Chifukwa chake zimakhalitsa

Khungu lathu lili ndi zigawo. Chigawo chapamwamba chilibe mitsempha ya magazi, ndipo chimadzikonza nthawi zonse: pansi pake pamabadwa khungu latsopano, limakwera pang'onopang'ono, likafika pamwamba limauma n'kuyoyoka. Kachilombo ka njerewere kamakhazikika pansi penipeni pa chigawo chimenechi, pamene khungu latsopano limabadwira, n'kuchititsa kuti malo amenewo azipanga khungu lochuluka komanso lolimba kuposa mmene limafunikira. Kachulu kokakala kamene timakaona ndi khungu la mwana yemweyo lomwe launjikana.

Chitetezo cha m'thupi chimadzuka msanga kachilombo kakalowa m'magazi, kakawononga minofu, kapena pakatupa. Kachilombo aka sikachita chilichonse mwa zimenezi. Sikalowa m'magazi, sikabweretsa malungo, ndipo kamachulukana kwambiri pamwamba, m'khungu limene latsala pang'ono kuyoyoka. Thupi limatha miyezi yambiri lisanazindikire kuti muli mlendo. Likazindikira, zinthu zimasintha mwachangu: njerewere imene yakhala chaka chathunthu imatha kufota m'masabata ochepa, ndipo nthawi zambiri zonse zimachokera limodzi, osasiya chipsera.

Mwa ana, pafupifupi theka amakhala atachira okha pakatha chaka chimodzi, ndipo awiri mwa atatu alionse pakatha zaka ziwiri. Mwa akuluakulu zimachedwa kuposa apa. Mfundo imeneyi ikutithandiza kumvetsa chifukwa chake pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mankhwala a njerewere amene anthu amalumbirira kuti amagwira. Chilichonse chimene munapaka sabata imene thupi linali litayamba kale kulimbana ndi kachilomboko chimalandira ulemu umene si wake.

Zinthu ziwiri zimachititsa kuti njerewere zichuluke pa mwana mmodzi. Choyamba ndi kutokosa ndi kuluma. Mwana amene amadya zikhadabo amasamutsa kachilombo kuchoka pa chala china kupita pa china, nthawi zina mpaka pamlomo, ndipo njerewere za m'mbali mwa chikhadabo ndi zina mwa zovuta kwambiri kuchiza. Chachiwiri, za kuphazi zimapondedwa tsiku lonse, motero m'malo motumphuka zimalowa m'kati n'kukutidwa ndi khungu lokhuthala, limene limatchinga mankhwala.

Kodi ndi njerewere ndithu?

Musanapake chilichonse, sambitsani malowo ndipo muwayang'ane padzuwa. Njerewere ya padzanja imakhala yolimba, yokakala pamwamba ngati mwala wokhulira. Ya kuphazi imakhala yophwatalala, yozunguliridwa ndi khungu lokhuthala. Pali zizindikiro zitatu zothandiza. Timizere ta pakhungu, tija timaoneka munthu akadinda chala, timafika pa njerewere n'kuduka, sitidutsa pamwamba pake. M'kati mwake mumaoneka timadontho takuda. Timeneti si mbewu kapena mizu monga ena amaganizira, ndi timitsempha ting'onoting'ono momwe magazi anaundana. Njerewere ilibe muzu wopita kufupa, yonse imathera pakhungu. Chachitatu, ya kuphazi imapweteka kwambiri mukaitsina kuchokera m'mbali kusiyana ndi mukaidinikiza pamwamba. Chikundu chimachita zosiyana: timizere timadutsa pamwamba pake, mulibe madontho akuda, ndipo chimapweteka mukachidinikiza.

Kuno kumchenga tisaiwale matekenya. Thekenya limaoneka ngati kabwalo koyera kokhala ndi dontho limodzi lakuda pakati, limakonda m'mbali mwa zikhadabo za kumapazi ndi pakati pa zala, limayabwa, ndipo limakula m'masiku ochepa chabe. Njerewere imakula pang'onopang'ono kwa miyezi. Mankhwala a njerewere sayenera kupakidwa pa thekenya. Palinso tizotupa tina ta ana tosalala, tonyezimira, tokhala ndi kadzenje pakati, timene timakonda kumaso, m'khwapa ndi pamimba. Timabwera ndi kachilombo kena ndipo nato nthawi zambiri timatha tokha.

Kudikira ndi njira yovomerezeka

Ngati njerewere siikupweteka, siikuchuluka, ndipo mwanayo sakudandaula, madokotala ambiri amalangiza kuisiya. Mankhwala ambiri amene alipo amagwira ntchito powononga khungu lomwe muli kachilombo, osati popha kachilombo kenikeniko, ndipo onse ali ndi ululu wake. Mwana wa zaka zinayi amene ali ndi njerewere imodzi kuseri kwa dzanja palibe chifukwa chomulizira usiku uliwonse. Muwengereni zikhadabo, mumuletse kutokosa, akhale ndi thaulo lake, basi.

Nthawi yoyamba chithandizo ndi pamene njerewere ikumupweteka poyenda kapena pogwira cholembera, pamene ikufalikira, kapena pamene manyazi ayamba kumuletsa kupita kusukulu ndi kupereka dzanja kwa anzake.

Mankhwala oyamba kuyesa

Mankhwala amene ali ndi umboni wochuluka, otsika mtengo, komanso oti n'kugwiritsa ntchito kunyumba ndi salisiliki asidi. Amagulidwa kufamase ngati madzi okhuthala opaka, amene akauma amasiya kachikopa koyera, ndipo mphamvu yake nthawi zambiri imakhala pafupifupi 17 peresenti. Palinso mapulasitala amphamvu yofika 40 peresenti opangira khungu lokhuthala la kuphazi. Ntchito yake ndi kufewetsa ndi kusupula khungu pang'onopang'ono, ndipo kakutupa pang'ono kamene amabweretsa kangathandize kudzutsa chitetezo cha m'thupi. Musasokoneze ndi mafuta a Whitfield, aja timapaka pa zipere. Muli salisiliki asidi ndithu, koma 3 peresenti yokha, imene singalowe m'njerewere.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 9 amene ali ndi njerewere kuchidendene, yaikulu ngati njere ya chimanga. Yakhala miyezi isanu ndi itatu, ndipo tsopano akuyenda motsimphina. Mayi ake aona timadontho takuda, aona kuti timizere taduka, ndipo mwanayo alibe matenda ena. Asankha nthawi imodzi yosasintha, usiku pambuyo pa Isha, pamene phazi silipondanso m'madzi kapena mumchenga mpaka m'mawa.

Amayamba ndi kuviika phazi m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako n'kulipukuta kuti liume. Amapaka Vaselini pakhungu labwino lozungulira njerewere, kusiya njerewere yokhayo poyera. Amadonthezapo mankhwala pang'ono, ongokwanira kuphimba njerewereyo, n'kudikira mphindi zingapo kuti aume. Akauma amamata pulasitala kuti mankhwala asachoke. Usiku wotsatira amasupula kachikopa kakale asanapake kena. Kamodzi kapena kawiri pa sabata, phazi likafewa m'madzi, amakhula khungu loyera lakufa ndi kachidutswa ka sandipepa, kamene amakataya akamaliza, kapena ndi kamwala kamene kali ka njerewere yokhayo ndipo wina aliyense sakagwiritsa ntchito. Amakhula pang'onopang'ono ndipo amasiya mwana akangoti zayamba kupweteka. Magazi sayenera kutuluka.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri malowo amayera ndi kufewa, ndipo njerewere imaoneka ngati yakula. Zimenezi n'zoyembekezeka, ndi khungu lakufa limene lamwa madzi. Pofika sabata yachinayi khungu lokhuthala lachepa, madontho akuda akuoneka bwino, ndipo mwana akuponda mosavutika. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalekera, poona kuti ululu watha. Koma kachilombo kakadali pansi, ndipo pakapita mwezi njerewere imabwerera mwakale. Tiyerekeze kuti sabata yachisanu khungu la m'mbali lafiira ndipo likuwawa, chifukwa dontho linatayikira pambali. Mayi amapumitsa mankhwala masiku awiri kapena atatu mpaka pachire, n'kuyambiranso, Vaselini atawonjezera. Amapitiriza chomwecho mpaka aone zinthu ziwiri: madontho akuda onse achoka, ndipo timizere ta pakhungu tayambanso kudutsa pamalopo mosaduka. Chimenecho ndiye chizindikiro cha kuchira. Malire ake ndi masabata 12. Akakwana njerewere isanasinthe, amasiya n'kupita ndi mwana kuchipatala.

Pali machenjezo angapo. Mankhwalawa sapakidwa kumaso, kumaliseche, pa chilonda kapena pa khungu lotupa. Sapakidwa pa mwana wosakwana zaka ziwiri, kapena pa munthu wa matenda a shuga kapena amene mapazi ake achita dzanzi, pokhapokha adokotala atalamula. Mtundu wamadziwu umayaka moto mosavuta, choncho musaupake pafupi ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula. Tsekani botolo mwamphamvu chifukwa amauma msanga, ndipo muliike patali ndi ana.

Tinene zoona: ngakhale mutatsatira zonsezi, si njerewere iliyonse imene imachoka. Mankhwalawa amawonjezera mwayi wochira poyerekeza ndi kungodikira, koma alibe lonjezo.

Kuumitsa ndi naitirojeni

Njira yachiwiri imachitikira kuchipatala. Adokotala amathira pa njerewere naitirojeni wamadzi, amene amazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, kwa masekondi ochepa. Khungu limauma gwa, kenako pamatuluka thuza, ndipo likaphwa limachoka pamodzi ndi gawo la njerewere. Nthawi zambiri pamafunika kubwereza pakapita masabata awiri kapena atatu alionse, kangapo.

Kafukufuku wina wa ku Netherlands amene anasindikizidwa mu 2010 anayerekeza njira zitatu pakatha masabata 13. Pa njerewere wamba, zimene zambiri zinali za m'manja, anthu 49 mwa 100 alionse anachira ndi kuumitsa, 15 ndi salisiliki asidi, ndipo 8 ndi kungodikira. Pa njerewere za pansi pa phazi panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa njira zitatuzo. Kafukufuku wina wa ku Britain wa 2011, wa njerewere za kuphazi zokha, anapeza kuti njira ziwirizi zinafanana, iliyonse inachiza anthu 14 mwa 100 pakatha masabata 12. Phunziro lake ndi lakuti ulendo wautali wofuna naitirojeni ungakhale ndi phindu pa njerewere youma mutu ya padzanja, koma pa ya kuphazi n'kutheka kuti mungowononga ndalama ya thiransipoti.

Njira imeneyi imapweteka, ndipo ana aang'ono ambiri sapirira. Pa khungu lakuda imatha kusiya banga loyera limene limatenga nthawi yaitali kubwerera, nthawi zina osabwerera n'komwe. Pafupi ndi chikhadabo ingawononge kameredwe kake. Komanso siipezeka m'zipatala zambiri zazing'ono, choncho funsani kaye musananyamuke.

Mwina munamvapo zomata njerewere ndi tepi yolimba kwa masiku angapo, kuichotsa, kukhula, ndi kumatanso. Kafukufuku wa mu 2002 anaonetsa ngati imathandiza, koma amene anabwera pambuyo pake sanapeze phindu lomveka. Ilibe ngozi yaikulu, ndipo ili ndi ubwino umodzi wosakayikitsa: mwana sangatokose kapena kuluma chimene chamatidwa.

Zimene simuyenera kuchita

Kudula ndi lezala kapena mpeni sikufika pamene kachilombo kali popanda kutulutsa magazi ambiri. Kumatsegula chilonda, kumafalitsa kachilombo m'mbali, ndipo kuphazi limene limaponda dothi kumaitana mafinya ndi kafumbata. Lezala yobwerekana ingapatsirenso matenda oyenda m'magazi. Kutentha ndi waya wamoto kapena chikuni, ndi kuthira madzi a m'batire, kumasiya chipsera cha moyo wonse pofuna kuchotsa chinthu chimene chikanatha chokha. Chipsera cha pansi pa phazi chimatha kupweteka poyenda kuposa njerewere imene inalipo. Utomoni wa nkhadze umatentha khungu, ndipo mwana akatikita diso ndi chala chopakidwacho diso limavulala kwambiri. Ngakhale adyo womangirira usiku wonse amawotcha khungu lanthete la mwana.

Mankhwala ena sawononga kwambiri koma amangotha ndalama. Makapisozi a mabakiteriya sagwira kachilombo aka, kaya amwedwe kapena atsegulidwe n'kuthiridwa pamwamba. Mafuta a zipere sagwira, ndipo mafuta ochepetsa kuyabwa kapena oyeretsa khungu amafooketsa chitetezo cha pakhungu pomwe tikufuna kuti chidzuke.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani ndi mwana kwa adokotala ngati simukutsimikiza kuti ndi njerewere, ngati ili kumaso kapena ikulowa pansi pa chikhadabo, ngati ikutuluka magazi yokha, ikusintha mtundu kapena ikukula mofulumira. Pitani tsiku lomwelo ngati malowo atupa, atentha, akutuluka mafinya, kapena mwana wachita mwanabere ndi malungo. Njerewere za kumaliseche kapena kotulukira chimbudzi kwa mwana ziyenera kuonedwa ndi achipatala nthawi zonse, osapakapo chilichonse kunyumba.

Njerewere zikakhala zambirimbiri, makamaka ting'onoting'ono tophwatalala tofalikira kumaso, m'khosi ndi m'mikono, ndipo sizikutha kwa zaka, zingasonyeze kuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Pamenepa achipatala angalangize kuyezetsa magazi, kuphatikizapo HIV, ndipo ndi bwino kuvomera. Njerewere imodzi kapena zitatu pa mwana wathanzi sizitanthauza zimenezi. Kwa mwana wachialubino, chotupa chilichonse chokakala pamalo owombedwa ndi dzuwa chikaonedwe kuchipatala msanga, chifukwa kuwonongeka kwa khungu ndi dzuwa kumatha kuoneka ngati njerewere.

Mwana wa njerewere asaletsedwe kupita kusukulu, kumadrasa kapena kudya m'mbale imodzi ndi abale ake. Zokwanira ndi izi: thaulo ndi mwala wokhulira zikhale zake, avale patapata m'bafa ndi pamalo otsukira mapazi a anthu ambiri, apukute mapazi aume akachoka m'madzi, ndipo ming'alu ya kuzidendene ipakidwe Vaselini usiku kuti itsekeke. Ngati mwayamba salisiliki asidi, lembani tsiku loyambira pa kalendala ndipo muwerengere masabata 12 kutsogolo. Tsiku limenelo likafika, yang'anani timizere ta pakhungu padzuwa, ndipo tidzakuuzani ngati ntchito yatha kapena ngati nthawi yakwana yoti adokotala aonepo.